Ndemanga ya ntchito yomata mabuku athu a malipoti ku Salima

Ndine mlembi wa gulu la alimi a mpunga ku Nkhotakota, ndipo ndinapereka mabuku khumi ndi awiri a malipoti athu kwa osindikiza ena a m'tauni ya Salima kuti awamate ndi kulemba mitu pamsana pake. Kumatako anachita bwino, moti palibe tsamba lomwe lathothoka, koma nditawandandalika pa alumali ndinapeza kuti asanu ndi awiri akuwerengeka kuchokera pamwamba kutsika pansi, pamene asanu akuwerengeka kuchokera pansi kukwera pamwamba. Tcheyamani wathu, yemwe ndi wachikulire, ankapendeketsa mutu uku ndi uku pofunafuna buku la chaka cha 2022, mpaka khosi linawawa.

Mabuku a Chingerezi, omwe ndiwo tinazolowera kuno, mitu yake imatsika kuchokera pamwamba, ndipo chifukwa chake n'chomveka: buku likagona patebulo chikuto cha kutsogolo chili pamwamba, mawu a pamsana amakhala chilili ndipo amawerengeka kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mabuku ambiri a Chifalansa ndi Chijeremani amachita mosemphana, choncho njira inayo si yolakwa payokha, koma kusakaniza ziwirizi pa alumali imodzi ndiko kunandipweteka mtima.

Nditabwerera nawo, mnyamata wa pakompyuta sanakane mlandu. Tinatsegula mafayilo limodzi ndipo tinapeza kuti mu Word, pa `Text Direction`, mabuku ena anawasankhira `Rotate all text 90°` pamene ena anawasankhira `Rotate all text 270°`. Yoyambayo ndiyo imatsitsa mawu kuchokera pamwamba. Iye anandiuza kuti, “Pepani bambo, yachiwiriyi ndinaizolowera polemba mawu a m'mbali mwa magalafu.” Pamenepo ananena zoona, pakuti mawu a kumanzere kwa galafu amawerengeka mokwera, ndipo m'kati mwa malipoti athu anawaika molondola.

Chomwe chimasokoneza n'chakuti chikuto chimakonzedwa chili chotambasula, cha kumbuyo kumanzere, msana pakati, cha kutsogolo kumanja, ndiye pakompyuta njira zonse ziwiri zimaoneka zabwino. Poyang'ana fayilo, mitu ya zilembo za pamsana iyenera kuloza chikuto cha kutsogolo. Tisanasindikizenso ndinapempha kuti atulutse chikuto chimodzi papepala wamba, tinachikulunga pabuku n'kuligoneka patebulo, ndipo mawu anaima bwino.

Buku lathu lalikulu lili ndi masamba 240, kutanthauza mapepala 120 a magalamu 80, ndipo msana wake ndi pafupifupi mamilimita 12. Iwo anasiya mpata wa mamilimita awiri mbali zonse za zilembo, choncho palibe chilembo chomwe chinapindikira pachikuto.

Mabuku asanu aja anawakonza m'masiku atatu osandilipiritsanso, ngakhale ndalama yokwerera minibasi kawiri inatuluka m'thumba la gulu. Ndidzapitakonso ndi malipoti a chaka chino, koma sindidzalola kuti amate buku ndisanaone chikuto choyeserera chitakulungidwa.