Miyezi 8 tikuchapa usiku n'kusita m'mamawa

"Achemwali, kuchapa ndi kusita pa maola otchipa kuja kunatsitsadi bilu ya magetsi?"

Kunatsitsa, achimwene, ngakhale phindu silinachokere kumene ndinkayembekezera. Ine ndimayang'anira zochapa pa malo ogona alendo kuno ku Kasungu, ndipo mita yathu ndi yosiyanitsa maola: yuniti ya m'mawa ndi ya madzulo ndi yodula, ya usiku ndi yotchipa. Mita ya kunyumba yogula mayunitsi sichita zimenezi, choncho kumeneko kusita usiku sikusintha kanthu.

Tinayamba ndi makina ochapira, kuwayatsa 9 koloko usiku. Bilu sinasunthe kwenikweni. Chifukwa chake n'chakuti makina akamachapa ndi madzi ozizira, ulendo umodzi sudya ngakhale yuniti imodzi. Chimene chimadya magetsi ndi chilichonse chotenthetsa. Ayironi yathu iliyonse ndi ya mawati 2,000, ndipo tili nazo zitatu. Poti zimayaka n'kuzima zokha zikatentha, pa maola anayi zimadya mayunitsi pafupifupi 12, ndipo tsiku lililonse tinkasita dzuwa litakwera, nthawi yodula ija. Titayamba kusita 3 koloko m'mamawa, m'pamene mayunitsi a pa mzere wodula anayamba kuchepa papepala.

Mwezi wachitatu ndinalakwitsa. Pofuna kumaliza zonse kusanache, tinkayatsa ayironi zonse, makina awiri, giza ndi pampu ya madzi nthawi imodzi. Bilu yathu ili ndi mzere wa `kVA`, umene umalipiritsa mphamvu yaikulu kwambiri imene mwakoka pakamodzi m'mwezi wonsewo. Mayunitsi anali otchipa ndithu, koma mzerewu unakwera n'kudya zambiri mwa zimene tinapulumutsa. Mukaona `kWh`, kutanthauza mayunitsi, ili monga mwa masiku onse koma bilu yakwera, yang'anani pa mzere wa `kVA` uja. Pano giza imatenthetsa madzi pakati pa usiku, n'kuzimitsidwa ayironi zisanayake.

Dzinja linabwera ndi lake vuto. Nsalu zapabedi zikagona m'makina mpaka m'mawa zimanunkha chinyontho, ndipo kuzichapanso ndi kulipira kawiri. Tsopano amene wachapa amayanika pomwepo m'shedi, ndipo zimene timasita m'mamawa ndi zimene zauma dzulo. Kusitako sitidumpha ngakhale mathawulo, chifukwa ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa nsalu yonyowa yoyanikidwa, ndipo ayironi yotentha ndiyo imawapha.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi amayi awiri amene amasita. Kuyenda 3 koloko mumdima si chinthu chopepuka, choncho tinawapatsa chipinda chogonamo pamalo pomwepo, ndipo amaweruka 11 koloko m'mawa. Ndalama za chipindacho ndimaziwerengera pamodzi ndi bilu, ndipo zikachotsedwa phindu limatsala lochepa, koma lilipo mwezi uliwonse.