Kampasi, tepi ndi njira ya Bowditch: mmene zandichitira chigulireni

Kampasi yanga yoyang'anira pagalasi ndi tepi ya ulusi ya mamita 30 zatha chilimwe ndi dzinja zikuyeza mapuloti ang'onoang'ono ku Chinamwali, ku Matawale mpaka ku Thondwe. Kampasi ikadali bwinobwino. Singano siikakamira, ngakhale galasi limachita nkhungu m'mawa wa mvula. Za tepi ndinena kumapeto, chifukwa ndi pomwe pali nkhani.

Aliyense woyeza puloti mozungulira amadziwa kuti ukabwerera pa chikhomo chomwe unayambira, papepala sufika pomwepo. Pamatsala kampata. Nayi puloti ina ya ngodya zinayi yomwe ndinayeza. Kuchoka pa A kupita pa B ndinapeza mamita 40.0 pa madigiri 30. B mpaka C mamita 30.0 pa 120, C mpaka D mamita 40.3 pa 210, ndipo D kubwerera pa A mamita 29.7 pa 300. Kuzungulira konse ndi mamita 140.

Mbali iliyonse ndimaiwerengera kuti yapita motani kumpoto, N, ndi kum'mawa, E, pomwe L ndi kutalika kwa mbaliyo ndipo θ ndi madigiri omwe kampasi yaonetsa:

```
N = L × cos(θ)
E = L × sin(θ)
```

Zakumpoto zinatuluka +34.64, −15.00, −34.90 ndi +14.85, zomwe pamodzi ndi −0.41. Zakum'mawa zinatsala +0.11. Zonse ziwiri zinayenera kukhala ziro. Ndiye kuti ndinathera masentimita 41 kumwera kwa A ndi 11 kum'mawa kwake, kampata ka masentimita 42. Pa mamita 140, ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 330. Kwa kampasi, izi sizindidetsa nkhawa. Imawerengeka mpaka theka la digiri basi, ndipo theka la digiri pa mamita 40 limakusunthira pambali masentimita 35.

Njira ya Bowditch imagawa kampatako potengera mtunda womwe wayenda. Pofika pa B ndinali nditayenda mamita 40 mwa 140, choncho B asuntha masentimita 12. C ali pa theka la ulendo, asuntha 21. D asuntha 33, ndipo malo omwe ndinathera asuntha 42 yonse n'kugwera pa A. Onsewa amalowera kumodzi, kumpoto kopendekera pang'ono kumadzulo. Ngakhale ndi rula ndi pensulo zimatheka. Pa ichi njirayi ndimaiyamikira kwambiri.

Koma chomwe miyeziyi yandiphunzitsa n'chakuti musamathamangire kugawa. Njirayi ndi ya zolakwika zing'onozing'ono zomwazika mbali zonse. Ngati wogwira tepi wawerenga 27 pomwe pali 29, kugawa kumangopaka cholakwacho pa zikhomo zomwe zinali zolondola. Ndimayamba ndaona komwe kampatako kaloza. Kakakhala kakakulu ndipo kagona motsatana ndi mbali ina ya puloti, mbali imeneyo ndimakaiyezanso. Pa puloti ija kanaloza cha pa madigiri 165, pakati penipeni pa 120 ndi 210, osatsata mbali iliyonse, ndiye ndinagawa mtima uli m'malo.

Chachiwiri ndi chitsulo. Malata, waya wa mpanda, mapolo a magetsi, ngakhale chikwanje chomwe mnyamata wolambula wachitsamiritsa pa chikhomo, zonsezi zimakoka singano. Mbali iliyonse muziiwerenga popita ndi pobwerera. Manambala awiriwo asiyane ndi madigiri 180. Akapanda kutero, chikhomo chimodzi chili pafupi ndi chitsulo. Ubwino wake, chitsulo chimapotoza mofanana zonse zowerengedwa pa chikhomo chimodzi, kotero ngodya ya pamenepo imakhalabe yoona. Mumayambira pa mbali yomwe yagwirizana n'kumakonza zinazo motsatizana. Komanso kuno kutsinde kwa phiri la Zomba malo ambiri ndi otsetsereka. Mamita 30 oyezedwa chogona pansi pa chitunda cha madigiri 10 ndi 29.54 okha papepala. Tepi izigwiridwa mopingasa, pang'onopang'ono ngati masitepe.

Tsopano tepi ija. Nditaiyala pambali pa tepi yachitsulo dzinja litatha, ndinapeza kuti yatamuka: pomwe imati 30 panali 30.06. Kunyowa ndi kukokedwa tsiku ndi tsiku ndiko kunachititsa. Choopsa chake, vuto ili silioneka m'kampata. Mbali zonse zimachepa mofanana, puloti imatseka bwino papepala, koma ili yaing'ono kuposa mmene ilili pansi. Bowditch sangakuuzeni zimenezi. Panopa mtunda uliwonse ndimauchulukitsa ndi 30.06 n'kugawa ndi 30 ndisanayambe masamu ena, ndipo kwa wogula lero ndinganene kuti awonjezere ndalama agule yachitsulo.

Pogawira ana munda, poyala maziko a nyumba kapena pofuna kudziwa kukula kwa malo musanalipire, zidazi zikukwanirani. Za lizi ndi zozika mabikoni, kapena pomwe anansi akanganirana malire a masentimita 30, itanani saveya wovomerezeka ndi boma, chifukwa kampasi siingathe kulekanitsa mtunda wochepa chotero.