Dipuloma ya akaunti ya Loweruka ndi Lamlungu: mmene ndikuionera patatha chaka

"Achimwene, ndikufuna kuyamba sukulu koma ntchito sindisiya. Ija ya akaunti mumapita Loweruka ija, ndilembetse?"

Mlongo wanga, lembetsani, koma muyambe mwadziwa kuti ndalama zanu zidzapita kwa anthu awiri osiyana. Mayeso ndi satifiketi ndi za ICAM, bungwe la akatswiri a zowerengera ndalama m'Malawi muno. Koleji yomwe mumakhala m'kalasi ija imangokuphunzitsani. Kulembetsa ndi mayeso mumalipira ku ICAM, fizi ya maphunziro mumalipira ku koleji, ndipo wina akalakwitsa mnzakeyo sakubwezerani kanthu.

Mbali ya ICAM sindidandaula nayo. Mayeso ndinalemba mu Juni ndi mu Disembala monga ananenera, ndipo pepala lake mabwana amalidziwa. Ndinasankha iyi osati ACCA, mayeso a akaunti a bungwe la ku Britain, chifukwa ACCA imalipiridwa m'mapaundi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzanga ena a kumeneko anayamba aima kaye. Ine ndimalipira m'makwacha omwe ndimalandira.

Chomwe chinandiwawa ndi phunziro la misonkho. Mphunzitsi wathu naye anali pa ntchito kwina, ndiye kumapeto kwa mwezi kulikonse, iye akutseka mabuku ku ofesi kwake, uthenga umabwera pa gulu la WhatsApp Loweruka m'mawa kuti kalasi kulibe. Uthengawo umandipeza ndili kale mu minibasi, thiransipoti nditalipira. Mmalo mwa kalasi ankatitumizira manotsi akale. Pa phunziro lina manotsi akale savuta kwenikweni, chifukwa kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka sikusintha. Misonkho imasintha ndi bajeti ya boma.

Taonani chitsanzo chomwe chinanditsegula maso. Manotsiwo ankati pa msonkho wa malipiro, uja wa PAYE, K100,000 yoyamba saidula msonkho. Koma kuyambira Epulo 2024 malirewo anali atakwera kufika pa K150,000. Tengani munthu wolandira K300,000 pa mwezi. Ndi manotsi aja muchotsa K100,000, itsala K200,000, ndipo 25 peresenti yake ndi K50,000. Ndi malire a 2024 muchotsa K150,000, itsala K150,000, msonkho wake ndi K37,500. Kusiyana kwake ndi K12,500 pa munthu mmodzi, mwezi umodzi. Ndinazindikira chifukwa ku ntchito ndimathandiza kukonza malipiro, ndipo yankho la m'kalasi silinagwirizane ndi zomwe tinkatumiza ku MRA. Anzanga omwe amagwira ntchito m'mashopu ndi m'masukulu analibe poyerekezera. Analoweza manambalawo ndi mtima wonse, ndipo zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Ndiye musanapereke ndalama, pemphani kuona manotsi a misonkho a temu imeneyo, muone ngati manambala ake ndi a chaka chomwe mayeso adzafunse. Funsaninso ophunzira omwe alipo kale, osati a ku ofesi yolandira fizi, kuti kalasi ikalephereka amaibweza liti. Yathu ankaibweza masabata omaliza, Loweruka ndi Lamlungu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mutu uli wotopa kale ndi ntchito ya sabata yonse. Zomwe umaphunzira motero sizikhalitsa.

Za kuchuluka kwa maphunziro, awiri pa nthawi imodzi ndi okwanira kwa munthu wa pa ntchito. A ku koleji adzakulimbikitsani kutenga anayi, poti fizi amawerengera pa phunziro lililonse. Kumbukiraninso kuti inunso ku ofesi kwanu kumapeto kwa mwezi kumakhala moto, ndipo tchuti cholembera mayeso muyenera kupempha kwa abwana mwezi usanafike.

Masiku ena ndimaikonda sukuluyi. Mphunzitsi wa phunziro lowerengera mtengo wopangira katundu ndi mayi wodekha, safulumira, ndipo zomwe anatiphunzitsa Lamlungu lina ndinazigwiritsa ntchito Lolemba lake, abwana mpaka kufunsa kuti ndaziona kuti. Tsiku lotero ndimaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Koma lisiti la fizi likandigwera m'manja, mtima umabwerera ku Maloweruka aja.

Ndinapita ku ofesi ya koleji ndi mndandanda wa masiku omwe kalasi inalephereka, kukapempha kuti andibwezereko gawo la fizi. Anandilandira mwaulemu, nandionetsa fomu yomwe ndinasaina, pomwe palembedwa kuti fizi sibwezedwa. Ndinabwererako kangapo, ndipo pamapeto pake anavomera kundichotserako pang'ono pa phunziro lotsatira, kutanthauza kuti ndikhalebe kasitomala wawo kuti ndipindule nazo. Ndavomera pa phunziro limodzi lokha, la mayi aja, ndipo ndikulipira mwezi ndi mwezi, osati temu yonse pakamodzi. Inunso mukapita kukalembetsa, akuuzeni dzina la mphunzitsi wa phunziro lililonse, ndipo za kubweza makalasi olephereka azilembe pa fomuyo musanasaine.