Kuonetsa makasitomala mitundu ya bokosi musanasindikize ochuluka: momwe zayendera patapita miyezi

"Njira ija yopanga bokosi limodzi m'mitundu ingapo n'kuonetsa makasitomala musanapite kwa osindikiza, mukuigwiritsabe ntchito? Ndikufuna kusindikiza mabokosi ambiri koma ndikuopa kuti mtundu ungandipachike."

Ndikuigwiritsabe, ndipo sindikuganiza zoisiya. Mabokosi a sopo amene tinasankha mwa njira imeneyi anasindikizidwa, anatha, ndipo tinaitanitsanso ena. Koma miyezi yapitayi yandionetsa kuti phindu lake lonse lagona pa chinthu chimodzi: chimene kasitomala akusankha chikhale chimene makina osindikizira adzatulutse. Mukamuonetsa chithunzi pa foni, akusankha kuwala kwa sikirini. Inu mudzalandira inki pa pepala, ndipo ziwirizi nthawi zina zimasiyana kwambiri moti zimene anakuuzani makasitomala zimakhala zopanda ntchito.

Kupanga mitunduyo ndi ntchito yaing'ono. Mu pulogalamu yojambulira ya Adobe Illustrator muli `Recolor Artwork`, ndipo mu Inkscape mumangokopera chojambulacho n'kusintha mtundu wa kumbuyo. Mphindi zochepa chabe mumakhala muli ndi mabokosi khumi okongola ondondozana. Kuphwekako n'kumene kumakopa munthu kuti atumize onse khumiwo. Munthu akaona ochuluka chotero amatopa, amaloza la kumapeto kapena lowala kuposa anzake, n'kupitiriza zake. Ine ndimaima pa anayi, ndipo ndimasintha chinthu chimodzi chokha, mtundu wa kumbuyo. Zilembo, chizindikiro cha malonda ndi malo amene chilichonse chakhala zimatsala momwemo. Mukasintha mtundu ndi zilembo nthawi imodzi, kasitomala akakonda bokosi lachiwiri simudziwa kuti wakonda chiyani.

Nkhani ya buluu ndi imene ikuonetsa bwino pamene zinthu zimasokonekera. Sikirini imapanga mitundu posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, kumene mapulogalamu amalemba kuti RGB. Makina osindikizira amasakaniza inki zinayi: siyani amene ndi buluu wonga wa thambo, majenta amene ndi pinki wozama, yachikasu ndi yakuda, zomwe amalemba kuti CMYK. Mitundu ina imene sikirini imaonetsa inki zinayizi sizingaifikire, makamaka buluu wowala, wobiriwira wonyezimira ndi olenji wakuthwa. Pa mabokosi athu anayi, wa buluu ndi amene ankakoka maso pa kompyuta. Buluu ngati `#0000FF` mukamusandutsa CMYK, pulogalamu imamupatsa siyani ndi majenta zoyandikana kwambiri, ndipo pa pepala amatuluka wozirala, wopendekera ku pepo. Osindikiza odziwa ntchito amalangiza kuti majenta azitsalira siyani ndi mapointi pafupifupi 30 ngati mukufuna buluu akhalebe buluu. Choncho tinamukonza pamanja, ndipo anayi onsewo tinawalemba m'manambala a inki tisanaonetse aliyense:

```
A  C100 M70 Y0  K0
B  C85  M10 Y75 K15
C  C0   M45 Y85 K0
D  C10  M10 Y20 K0
```

Buluu wa A uja titamusindikiza sanali wowala ngati wa pa sikirini. Anali buluu wabwino ndithu, wozama, koma wodekha. Ataima pambali pa wobiriwira wa B, mphamvu imene anali nayo pa kompyuta inali itachepa, ndipo anthu ambiri amene tinawapatsa mabokosiwo m'manja anatenga wobiriwira. Tikanafunsa ndi zithunzi, ndikukhulupirira kuti buluu akanapambana, ndipo tikanalipira mabokosi ochuluka a mtundu umene palibe kasitomala anauonapo.

Pepala nalo lili ndi mbali yake, ndipo anthu ambiri amailambalala. Pa pepala losalala, lokutidwa pamwamba, inki imakhala pamwamba n'kumaoneka yakuthwa. Pa pepala losakutidwa imalowa m'kati, timadontho take timafufuma, ndipo mtundu umadera n'kuzirala. Ngakhale pa pepala losalala, malo amene mwalemba kuti inki ikhale 50% amatuluka ngati 65% kapena kuyandikira pamenepo, ndipo pa losakutidwa amapitirira apo. N'chifukwa chake mabuku a mitundu a Pantone amabwera pawiri, lina la manambala othera ndi C ndi lina othera ndi U. Inki yake ndi imodzi, koma mukaika Pantone 286 C pambali pa 286 U mungaganize kuti ndi mitundu iwiri. Pepala lofiirira la makatoni ndiye limasinthiratu zonse, chifukwa inki za CMYK zimaonekera m'kati ndipo zimadalira kuyera kwa pepala. Mtundu wotuwa ngati D uja pa pepala lofiirira umangosowa, pokhapokha osindikiza ayambe ayalapo inki yoyera.

Ndiye ndimapempha osindikiza omwewo amene adzagwire ntchito yaikuluyo kuti andipatse zitsanzo pa pepala lenileni la bokosi, ataikaponso pulasitiki yokutira ngati idzakhalepo. Yonyezimira imazamitsa mtundu, yosanyezimira imaufewetsa, ndipo kusiyanako kumaoneka ndi maso. Kenako ndimadula n'kupinda mabokosiwo, n'kuikamo sopo. Pepala lafulati patebulo ndi bokosi loima zimapereka maganizo osiyana, chifukwa mbali imodzi ya bokosi imakhala pamthunzi, ndipo munthu akalinyamula amamva kulemera kwake ngati mmene angachitire pogula.

Pano pali malire amene muyenera kuwadziwa. Zitsanzo zochepa zimasindikizidwa pa makina a dijito, pamene mabokosi ochuluka nthawi zambiri amapita pa ofuseti, makina amene amafuna puleti yakeyake pa inki iliyonse. Palibe amene angakupangireni mapuleti a mitundu inayi yongoyesera popanda kukulipiritsani zambiri. Choncho chitsanzo cha dijito chimangoyandikira. Funsani ngati makina awo a dijito anachunidwa kuti azitsanzira ofuseti yawoyo. Ngati mtundu wanu udzakhala inki yosakaniziratu ya Pantone, pemphani kuti apake inki yeniyeniyo pa kachidutswa ka pepala lanu, chifukwa makina a inki zinayi amangoiyerekeza. Kachidutswako kamaoneka konyozeka, ka mtundu umodzi kopanda chilembo, koma n'kamene kamanena zoona kuposa chitsanzo chokongola chija.

Kuwala kwa malo amene mukufunsira kumasinthanso yankho. Aliyense amene anagulapo nsalu m'sitolo n'kuiona itasintha atatuluka nayo padzuwa akudziwa zimenezi. Osindikiza amayang'ana mitundu pansi pa nyali ya muyezo wa D50, yotsanzira kuwala kwa masana, koma kasitomala wanu sadzagula pansi pa nyali imeneyo. Wobiriwira wathu pa nyali yachikasu ankapendekera ku mtundu wa udzu wouma, pomwe pa kuwala kwa masana anali watsopano ngati tsamba lanthete. Kuyambira pamenepo ndimafunsira pa malo ofanana ndi amene katunduyo adzagulitsidwire, mabokosi ataima pa shelefu pakati pa katundu wa anthu ena. Bokosi lili lokha patebulo loyera limaoneka bwino nthawi zonse. Pakati pa anzake m'pamene mumaona ngati likuonekera patali kapena likumira.

Mafunsidwe ndawasinthanso pang'onopang'ono. Funso loti "ndi liti lokongola?" limabweretsa mayankho aulemu, ndipo munthu amayang'ana nkhope yanu kuti adziwe limene inu mumakonda. Tsopano ndimati, "Mukufuna sopo, tengani mmodzi," n'kukhala chete. Dzanja likafika pa bokosi m'pamene ndimafunsa kuti akuganiza kuti sopoyo ndi wotani, wochapira kapena wosambira, wotchipa kapena wodula. Apa m'pamene olenji wa C anagwera. Anthu ankamutenga ndithu, koma angapo ankati ndi wochapira zovala, pamene wathu ndi wosambira. Kungowerenga mavoti sikukanationetsa zimenezo. Ndimafunsa mmodzimmodzi, chifukwa pagulu woyamba kulankhula amakoka anzake, ndipo ndimasinthasintha malo a mabokosi kuti limodzi lisamakhale pakati nthawi zonse. Achibale ndi anzanga apamtima ndimawasiya. Amandikonda, koma si amene amagula kwambiri.

Musakokomeze manambala ang'onoang'ono. Tiyerekeze kuti mwafunsa anthu 30, ndipo 16 atenga limodzi, 14 linalo. Pamenepo palibe wopambana, mawa akhoza kusinthana. Zikatere ndimasankha mtundu umene ndi wosavuta kusindikiza mofanana ulendo uliwonse. Mitundu yotuwa yopangidwa ndi inki zitatu, ngati D, imasuntha msanga: majenta akangochuluka pang'ono imapita ku pinki, akachepa imapita ku wobiriwira. Njirayi imathandiza kwambiri pochotsa mtundu wolakwika kusiyana ndi posankha pakati pa iwiri yabwino, ndipo ine zimenezo zimandikwanira.

Pali tinthu tiwiri timene makasitomala sangakuuzeni, choncho muziyese nokha pa mtundu uliwonse. Koyamba ndi bakhodi. Masikana ambiri amawerenga ndi kuwala kofiira, ndiye mizere yofiira kapena ya olenji pa malo oyera saiona, ndipo mizere yakuda pa buluu kapena wobiriwira wozama imawavuta. Ife tinasiya kabokosi koyera ndi mizere yakuda pa mabokosi onse anayi. Kachiwiri ndi timalemba ting'onoting'ono toyera pa mtundu wa inki zitatu kapena zinayi. Mapuleti akaphonyana pang'ono, m'mbali mwa zilembo mumatuluka mthunzi wamtundu, ndipo malangizo a kagwiritsidwe ntchito amavuta kuwerenga. Chitsanzo cha dijito sichionetsa vutoli kawirikawiri, limadzaonekera pa ofuseti. Kukulitsa zilembo ndi kuzinenepetsa pang'ono kumathandiza.

Mtundu ukasankhidwa, ntchito imakhala isanathe. Tsiku losindikiza ndimapita ndi bokosi lopambanalo, kukaliika pambali pa mapepala oyamba kutuluka m'makina. Inki ya ofuseti ikauma imazirala pang'ono, makamaka pa pepala losakutidwa, ndiye pepala lonyowa likafanana ndendende ndi chitsanzo, funsani woyendetsa makinawo kuti likauma lidzaoneka bwanji musanasaine. Pepala losainidwalo timagawana, lina kwa iwo lina kwa ine, ndipo langa ndimalisunga mu envelopu kutali ndi dzuwa. Titaitanitsa kachiwiri, mapepala oyamba anatuluka opendekera ku chikasu, ngakhale fayilo inali yomweyo ndi manambala omwewo. Pepala losainidwa lija n'limene linathetsa nkhani, woyendetsa makina anachepetsa inki yachikasu mpaka awiriwo anafanana.

Ngati mukusindikiza mabokosi ochepa pa dijito, zonsezi mukhoza kuzifupikitsa: sindikizani pang'ono mtundu uliwonse, muwagulitse, muone amene akuyenda. Zitsanzo, kupinda mabokosi ndi kufunsa anthu zimadya sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo nthawi imeneyo imabwezeka pokhapokha oda ili yaikulu moti mtundu ukalakwika mudzakhala nawo m'nyumba yosungira katundu kwa miyezi yambiri. Poti inu mwati ndi ochuluka, yambani mwafunsa osindikiza anu pepala limene adzagwiritse ntchito ndi makina amene adzasindikizire, musanatsegule n'komwe pulogalamu yosinthira mitundu.