`Dropout` kapena `weight_decay`: tiyambe ndi iti modelo ikayamba kuloweza?

Anzanga amene mukuphunzitsa mamodelo kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, ambiri a ife vuto lathu ndi limodzi: deta ndi yochepa koma netiweki ndi yaikulu. Tiyerekeze kuti mwajambula zithunzi 1,200 za masamba a mbatatesi m'minda ya ku Bembeke ndi ku Tsangano, ndipo mukufuna modelo yosiyanitsa tsamba logwidwa chiwawu ndi tsamba labwinobwino. Mwatenga `resnet18` yophunzitsidwa kale, zithunzi 1,000 mwaziika zophunzitsira, 200 zoyesera. Poyamba zonse zikuyenda. Kenako losi ya zophunzitsira, nambala yosonyeza mmene modelo ikulakwitsira, ikupitirira kutsika mpaka pafupi ndi ziro, pamene ya zoyesera yaima n'kuyamba kukwera. Pamenepo modelo yasiya kuphunzira chiwawu, yayamba kuloweza zithunzi zanuzo: mtundu wa dothi, mthunzi, ngakhale chala cha wojambula.

Njira ziwiri zimene aliyense amakuuzani ndi `weight_decay` ndi `Dropout`. Ine ndimayamba ndi yoyambayo, ndipo yachiwiriyo ndimaiika pamalo amodzi okha.

Zimene modelo imaphunzira zimasungidwa mu manambala otchedwa maweyiti. Modelo yoloweza nthawi zambiri imakhala ndi maweyiti ena okula kwambiri, moti kachinthu kakang'ono pachithunzi kamatembenuza yankho lonse. Ntchito ya `weight_decay` ndi kukokera weyiti iliyonse ku ziro pang'ono pa sitepe iliyonse. Weyiti imene zithunzi zambiri zikuifuna imakankhidwanso m'mwamba n'kukhalabe, koma imene inakula chifukwa cha zithunzi ziwiri zokha imafota. Mu `AdamW`, njira yosinthira maweyiti pophunzitsa, kukokako kumachitika chonchi, pamene `w` ndi weyiti ndipo `lr` ndi kukula kwa sitepe:

```
w = w * (1 - lr * weight_decay)
```

Apa m'pamene ambiri timanyengeka, choncho tiwerengere limodzi. Mu `PyTorch`, `AdamW` imabwera ndi `lr=0.001` ndi `weight_decay=0.01`. Ndiye kuti sitepe iliyonse ikuchulukitsa weyiti ndi 0.99999. Zithunzi 1,000 m'magulu a 32 zimapereka masitepe 32 pa kuzungulira kumodzi, ndipo mukazungulira ka 30 mwayenda masitepe pafupifupi 1,000. Pa ulendo wonsewo kukokako kwachotsa pafupifupi 1 peresenti yokha. Munthu amati ndayesa `weight_decay` koma sinathandize, chonsecho sinagwire n'komwe ntchito. Mukaika 0.1 imachotsa pafupifupi 10 peresenti, mukaika 1.0 imachotsa yoposa 60 peresenti. Nambalayo payokha sinena kanthu. Muziiona pamodzi ndi `lr` ndi kuchuluka kwa masitepe.

Onetsetsaninso kuti mwalemba `AdamW` osati `Adam`. Loshchilov ndi Hutter anaonetsa mu 2017 kuti mu `Adam` wamba kukokako kumasakanizidwa ndi giradiyenti, nambala yolozera kumene weyiti iyenera kusunthira, kotero maweyiti amene giradiyenti yawo imakhala yaikulu amakokedwa mochepa kuposa anzawo. `AdamW` inapangidwa kuti ilekanitse ziwirizi.

Nanga `weight_decay` imapweteka liti? Ikachuluka, modelo imalephera ngakhale zithunzi zophunzitsira zomwe. Mudzaona malosi onse awiri ali pamwamba, ayandikana, ndipo sakutsika. Kuyandikanako kusakusangalatseni, chifukwa mpata watsekeka pogwetsa mbali yomwe inali bwino. Pa modelo yophunzitsidwa kale palinso ngozi ina: kukokako kumalozera ku ziro, osati kumene maweyiti anali pamene munaitenga, choncho mukakoka mwamphamvu kwa nthawi yaitali mukufufuta luso limene munaitengera. Ndi chizolowezi chabwinonso kusakoka `bias` ndi manambala a `BatchNorm`, popeza si amene amaloweza.

`Dropout` imagwira mosiyana. Srivastava, Hinton ndi anzawo a ku yunivesite ya Toronto anaifotokoza mokwanira mu 2014. Pa sitepe iliyonse yophunzitsa, manyuroni ena amazimitsidwa mwamaere, ndipo `p` ndi mwayi woti nyuroni izimitsidwe. Zili ngati kwaya imene pa pulakatisi iliyonse theka la oimba limauzidwa kukhala chete: palibe angadalire mnzake, aliyense ayenera kuidziwa nyimboyo. Kwaya ya anthu 40 imalimba nazo, koma ya anthu anayi nyimbo imangofa. N'chimodzimodzi ndi netiweki. Pa gawo la manyuroni 512, `p=0.5` imasiya pafupifupi 256, okwanira kunyamula uthenga. Pa gawo la manyuroni 16 imasiya 8, ndipo modelo imangodzandira.

Mu `resnet18`, malo oyenera ndi kumapeto, pamene manambala 512 akulowa m'gawo lopereka yankho:

```
model.fc = nn.Sequential(
    nn.Dropout(p=0.3),
    nn.Linear(512, 2))
```

M'kati mwa magawo a `Conv2d` musathamangire kuiika. Madontho oyandikana pachithunzi amanena zofanana, choncho kuzimitsa limodzi sikubisa zambiri. Choopsa kwambiri ndi kuiika pamene manambala asanafike pa `BatchNorm`. Gawo limeneli limasunga avareji ndi kamwazikidwe ka manambala amene linaona pophunzitsa, manyuroni akuzimazima. Poyesa, `Dropout` imaleka, kamwazikidweko kamasintha, ndipo `BatchNorm` imayeza ndi muyeso wosagwirizana ndi zimene zikulowa. Zotsatira zimatsika popanda uthenga uliwonse wa vuto pa sikirini.

Pali zina ziwiri zimene zimasokoneza oyamba kumene. Pophunzitsa, manyuroni otsala amachulukitsidwa ndi `1/(1-p)` kuti mphamvu yonse isachepe, ndipo kuzimitsako kumaleka pokhapokha mwaitana `model.eval()`. Mukaiwala, chithunzi chimodzi chomwecho chikhoza kupatsidwa chiwawu tsopano, n'kupatsidwa chabwino mukachiyesanso. Mlangizi wa zaulimi akaona zotere pa foni sadzaikhulupiriranso. Chachiwiri, losi ya zophunzitsira ikhoza kukhala pamwamba pa ya zoyesera. Limenelo si vuto, ndi chifukwa chakuti pophunzitsa modelo ikugwira ntchito ndi manyuroni osakwanira.

Ndiye pali nkhani ya nthawi, imene kwa ife si yaing'ono. Srivastava ndi anzake aja ananena okha kuti netiweki yokhala ndi `Dropout` imatenga nthawi yowirikiza kawiri kapena katatu kuti iphunzire. Amene akuphunzitsa pa laputopu magetsi akuzimazima, kapena pa intaneti ya bando yowerengera, amamva kuwawa kwake. `weight_decay` siwonjezera ntchito yooneka pa sitepe, n'chifukwa chake ndimayamba nayo.

Pa zithunzi za mbatatesi zija, ndikanayamba ndi `AdamW` popanda `Dropout`, n'kuyesa `weight_decay` ya 0.01, 0.1 ndi 0.5, china chilichonse osachisintha, n'kusankha poona losi ya zoyesera. Mpata wa pakati pa malosi awiri aja ukakhalabe waukulu, ndikanawonjezera `p=0.2` kumapeto, kenako 0.3 kapena 0.5. Mukasintha zonse ziwiri nthawi imodzi simudziwa yathandiza ndi iti, komanso ziwirizi zikaphatikizana mwamphamvu zimafooketsa modelo msanga kuposa mmene mungaganizire. Ngati losi ya zophunzitsira ikukana kutsika kuyambira pachiyambi, modelo sikuloweza ayi, ndipo muchepetse zonse ziwiri.

Musanakhudze nambala iliyonse, onani mmene munagawira zithunzi. Ngati masamba a munda umodzi, ojambulidwa m'mawa umodzi, ali m'zophunzitsira ndi m'zoyesera momwe, malosi onse awiri adzaoneka bwino ngakhale modelo ikuloweza, ndipo mudzasankha `p` ndi `weight_decay` potsatira muyeso wabodza. Gawani potsata minda: zithunzi za ku Tsangano zikhale zophunzitsira, za ku Bembeke zoyesera, kapena minda ingapo yathunthu muiike pambali, kenako muyambe kuyesa.