Chenjezo likafewa pomasulira m'Chiarabu: foni, mnzanu, kapena buku la kampani?

Anzanga amene tikugwira nawo ntchito m'makhitchini kuno ku Muscat akhala akundifunsa njira yabwino yomasulira kabuku ka malangizo a chipangizo m'Chiarabu ukangokajambula pafoni. Ndayesapo njira zitatu, ndipo imodzi ndinakwiya nayo mpaka lero.

Abwana anagula pulesha kuka yamagetsi, poto wotsekeka wophika ndi mphamvu ya nthunzi, kabuku kake ka Chingerezi chokhachokha. Mnzanga wophika naye ndi wa ku Sudan, amawerenga Chiarabu basi. Ndinajambula tsamba la machenjezo, pulogalamu ya pafoni n'kumasulira pomwepo. Kufulumira kokha ndiye sindingaitsutse, komanso ndi yaulere.

Vuto lili apa. M'mabuku ambiri a zipangizo, machenjezo amakhala ndi masitepe motsatira muyezo wa ANSI Z535. DANGER, pofiira, akutanthauza kuti ukapanda kumvera ufa kapena uvulala kwambiri. WARNING, pa olenji, ndiye kuti imfa kapena kuvulala koopsa kungachitike. CAUTION, pachikasu, ndi kuvulala pang'ono. M'Chiarabu kawirikawiri amalemba خطر pa loyamba, تحذير pa lachiwiri, ndi تنبيه pa lachitatu. Mawu achitatuwa ndi ofewa, amagwiritsidwanso ntchito pongokumbutsa munthu zinthu wamba, ngati mmene foni imakudziwitsira kuti batire latsala pang'ono.

Pa tsamba lathu panali bokosi la WARNING lonena kuti pophika nyemba, mphodza kapena mpunga usapitirize theka la poto, pomwe zakudya zina zimaloledwa kufika magawo awiri mwa atatu. Chifukwa chake n'chakuti zakudya zimenezi zimafufuma ndi kuchita thovu, thovulo n'kutseka kabowo kotulukira nthunzi. Kuwala kwa babu kunagwera pa mutu wa bokosilo, pulogalamu sinauwerenge. Mawu a m'bokosi anangolumikizika kumunsi kwa ndime ya pamwamba pake, yomwe mutu wake unali تنبيه ndipo inkanena zoti chivindikiro chimatentha. Chiganizo chilichonse chinamasuliridwa bwino ndithu, koma kulemera kwake kunachoka. Mnzanga anawerenga, anagwedeza mutu, anadzaza mphodza mpaka pa mzere wapamwamba. Potsegula kotulukira nthunzi, msuzi wowira unathovoka n'kumuwaza padzanja. Anakhala sabata yathunthu atamanga bandeji, ndipo amene ndinamupatsa foni ija ndine.

Chimandipweteka n'chakuti cholakwikacho sichioneka. Pulogalamu imaphimba mawu oyamba ndi mawu ake, ndiye sudziwa kuti china chasowa. Panopa ndimawerenga kuchuluka kwa zithunzi za makona atatu zokhala ndi chizindikiro chofuula pa pepala lenileni, kenako ndimawerenga mitu ya machenjezo m'Chiarabu. Pepala likakhala ndi zisanu ndi chimodzi koma Chiarabu chili ndi zisanu, ndimajambulanso, bokosi limodzilimodzi, kabuku nditakapanikiza kuti kagone bwino. Pakati pamene masamba amapindika ndi pamene mawu oletsa amadukira, ndipo لا ndi zilembo ziwiri zokha: zikasowa, "usatsegule" amasanduka "utsegule".

Njira yachiwiri ndi kutumiza chithunzi kwa mnzanu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri. Iyi imaposa foni chifukwa munthu amaona mabokosi ndi mitundu yake. Koma munthu ali ndi ulemu, ndipo ulemuwo umafewetsa lamulo. Wina anandilembera يُفضّل عدم pamene kabuku kankati Never, zomwe zikungotanthauza kuti "ndi bwino kusatero". Pamafunika لا kutsogolo ndi أبداً pambuyo pa mneni, kuti limveke kuti usayerekeze ngakhale kamodzi. Mukamupempha, muuzeni kuti asakongoletse, ndipo pomwe palembedwa must aike يجب osati mawu olangiza chabe.

Yachitatu ndi imene ndimayambira tsopano. Pansi kapena kumbuyo kwa chipangizo pamakhala kachikwangwani kokhala ndi nambala ya mtundu wake. Jambulani kameneko, mufufuze buku la Chiarabu pa webusaiti ya kampani yopanga. Zipangizo zambiri zogulitsidwa m'maiko a Aluya zimakhala nalo, ndipo mabokosi ndi mitundu zimakhala m'malo mwake. Kuipa kwake n'kwakuti nambala ikasiyana chilembo chimodzi mutha kutenga buku la poto wina wa malire ena, komanso zipangizo zotchipa nthawi zambiri sizikhala nalo.

Buku la kampani likasowa ndimapita kwa munthu, n'kumupatsa mawu atatu aja kuti asawasinthanitse. Foni ndimaisiyira tsamba la kayeretsedwe ndi la mabatani. Pa khoma la khitchini yathu, pamwamba pa poto uja, ndinamata pepala lolembedwa تحذير ndi cholembera cha olenji, ndi chithunzi cha poto chokhala ndi mzere pakati.