Bodi ndi yabwino koma 100 Hz yomwe imabwera nayoyo inandizunza: nyenyezi 3 pa 5

Ndagwiritsa ntchito kabodi aka miyezi inayi tsopano kuwongolera liwiro la mota ya DC yomwe ili ndi takojenereta, sensa yoyeza liwiro, kumbuyo, nde ndati ndilembeko poti ena mukagula mudzadwala mutu ngati ine. Kupanga kwake ndi kolimba, sikatentha, ADC yake, yomwe imasandutsa voteji ya sensa kukhala nambala, ndi ya mabiti 12 ndipo PID, chowongolera cha magawo atatu P, I ndi D, ili kale mkati, iwe umangolowetsa manambala basi. Koma kamabwera katatcheredwa kuti kaziwerenga sensa ka 100 pa sekondi, ndipo polowera siginolo ya sensa palibe fyuluta iliyonse, ngakhale kakapasita kamodzi. Kabuku kake sikanena kanthu za izi.

Ine ndimafuna bandiwidifi ya pafupifupi 10 Hz, kutanthauza kuti katundu akasintha mota izibwerera pa liwiro lake mwachangu ndithu. Ndinaganiza kuti 100 Hz ndi yokwana, poti lamulo la Nyquist lija limati kuwirikiza kawiri basi, ndiye ine ndawirikiza kakhumi, vuto lingachokere kuti? Kumeneko nkomwe ndinagwa. Kawiri kaja ndi kongoti siginolo isasokonekere poiwerenga, sikanena za kuchedwa, pomwe mu lupu, kuzungulira kwa sensa, bodi ndi mota, kuchedwa ndiye mdani weniweni. Bodi ikatulutsa nambala imaigwira osasintha mpaka sampulo yotsatira, zomwe zili ngati kuchedwa ndi theka la nthawi ya sampulo imodzi. Pa 100 Hz sampulo imodzi ndi 10 ms, theka lake 5 ms, ndipo pa 10 Hz zimenezo zimadya madigiri 18 a fezi. Chinanso, bodi iyi ikawerenga siitulutsa yankho pompo, imadikira sampulo yotsatira, ndinaziona ndekha pa osilosikopu, nde onjezani 10 ms ina, madigiri ena 36. Zonse pamodzi 54. Fezi majini yanga, malo otsala lupu isanayambe kugwedezeka, papepala inali madigiri 60, moti ndinatsala ndi 6 yokha, mota ikangolandira lamulo latsopano imapitirira, kubwerera, kupitiriranso mpaka ndinatsitsa geni, mphamvu yomwe PID imakankhira mota, kuti ikhazikike. Nchifukwa chake odziwa za ntchitoyi amati sampulo izithamanga ka 20 mpaka ka 30 kuposa bandiwidifi, osati kawiri.

Koma chomwe chinandilanda tulo si chimenecho ayi. Geni nditatsitsa, pa 1470 rpm mota imangonjenjemerabe pang'onopang'ono, ngati ka 6 pa sekondi, kumamveka ndi khutu lomwe. Pa girafu ya bodi pamaoneka funde labwinobwino la 6 Hz. Ndinamanga kapulingi, ndinasintha ma beringi omwe analibe mlandu, ndinachepetsa I, ndinazimitsa D, koma zii. Kenako ndinaika fyuluta ya mu sofutiweya, yomwenso sinathandize kanthu, inangowonjezera kuchedwa.

Tsiku lina ndinangotsitsa liwiro pang'ono kufika pa 1450 rpm, funde lija nkusamuka kuchoka pa 6 kufika pa 10 Hz. Apa mpomwe ndinadzidzimuka, chifukwa chinthu chenicheni chozungulira sichingasinthe chonchi ndi ma rpm 20 okha, komanso liwiro latsika koma funde lakwera, zosagwirizana eti. Nditabwerera pa 1470 rpm ndinalumikiza osilosikopu pa waya wa takojenereta penipeni, 6 Hz uja sankaoneka kwenikweni. Chomwe chinalipo ndi timafunde tothamanga ta 294 Hz tochokera ku komyuteta ya takojenereta, yanga imapanga timafunde 12 pa kuzungulira kumodzi, ndipo 1470 rpm ndi kuzungulira 24.5 pa sekondi, 24.5 kuchulukitsa ndi 12 ndi 294 ndendende.

Iyi ndiye eliyasing'i. Chilichonse chothamanga kuposa theka la liwiro la sampulo sichisowa ayi, chimabwera chitavala nkhope ina, ngati mmene tayala la galimoto limaonekera pa vidiyo ngati likubwerera m'mbuyo. Kuwerengera kwake nkosavuta:

```
f_alias = |f - n*fs|
```

f ndi liwiro lenileni la funde, fs ndi liwiro la sampulo, ndipo n ndi nambala yathunthu yomwe ikufikitsa n*fs pafupi kwambiri ndi f. Kwa ine 3 kuchulukitsa 100 ndi 300, kuchotsa 294 kutsala 6. Pa 1450 rpm timafunde tija timakhala 290, kutsala 10. Zonse zinagwirizana. Ndiye choopsa mu lupu nchakuti PID sidziwa kuti 6 Hz ameneyu ndi wabodza, ali mkati mwa bandiwidifi, nde imalimbana naye ndi mphamvu zonse, imakankha mota mmwamba ndi pansi kuti ithetse chinthu chomwe kulibe, mapeto ake kunjenjemera kwabodza kuja kumasanduka kwenikweni pa shafiti. Fyuluta ya mu sofutiweya singachite kanthu poti ikamafika zinthu zasakanikirana kale, singasiyanitse 6 Hz weniweni ndi wobvala chigoba. Ndipo pa 1500 rpm ndendende timafunde timakhala 300, eliyasi nkugwera pa 0 Hz, palibe chonjenjemera choti uone koma muyeso wa liwiro umangopendekeka mwakachetechete.

Ngati mukukayika zomwezi pa makina anu, yesani kusintha liwiro la sampulo osakhudza china chilichonse. Ine nditaika 125 Hz funde linadumphira pa 44 Hz, 294 kuchotsa 250. Funde lenileni la makina silingasamuke chonchi chifukwa choti wasintha kawerengedwe.

Apa pali kamsampha kena komwe ndinakodwamo kachiwiri, musandiseke. Ndinati chabwino, ka 30 kuposa 10 Hz ndi 300 Hz, ndaika 300. Lupu inakhazikika bwino, kuchedwa kunatsika kufika madigiri 18 onse pamodzi, koma 6 Hz uja anabweranso monga analili, poti 300 kuchotsa 294 ndi 6 yemweyo! Lamulo la ka 20 kapena ka 30 limayang'ana kuchedwa kokha, silidziwa phokoso lomwe lili pa waya wako. Phokosolo uyenera kuliyeza wekha.

Chomwe ndinachita pomaliza: ndinakweza sampulo kufika 1000 Hz, theka lake 500, moti 294 akuoneka ngati 294 ndipo ali kutali ndi bandiwidifi. Kenako ndinawotcherera rezisita ya 1.6 kΩ ndi kapasita ya 1 µF ADC isanafike, yomwe imayamba kudula pafupifupi pa 100 Hz. Imeneyi imatsitsa timafunde ta 294 kufika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo phokoso la 20 kHz la PWM yoyendetsa mota imalitsitsa ka 200, zomwe nzofunika poti 20 kHz pa sampulo ya 1000 Hz ikanagweranso pa 0 Hz. Fyuluta nayo si yaulere, pa 10 Hz imadya madigiri ngati 6. Ndinayesako yodula pa 20 Hz poganiza kuti bola yoyeretsa kwambiri, koma imeneyo imadya madigiri pafupifupi 27, ndinaichotsa tsiku lomwelo. Panopa kuchedwa konse, sampulo ndi fyuluta, kuli pa madigiri 11, geni ndinaibweza pomwe ndimafuna, mota ili phee.

Chimodzi chokha, pa 1000 Hz D inayamba kulira chifukwa kusiyana kwa masampulo oyandikana kumakhala kochepa kwambiri moti kabiti kamodzi ka ADC kakadumpha, D imakakuza kakhumi kuposa mmene imachitira pa 100 Hz. Mu menyu muli fyuluta ya D, ndinaiyatsa, zinatheka.

Nyenyezi ziwiri ndachotsa chifukwa cha fyuluta yomwe palibeyo komanso kabuku kosatchula za kudikira sampulo imodzi kuja. Pa bodi pali malo ambiri opanda kanthu, akanangosiyako timabowo tiwiri toika rezisita ndi kapasita ndikanapereka zinayi. Zanga zikulendewera pa waya mpaka pano, ndinangozikulunga ndi tepi.